Yankho kwa achimwene a ku Chinamwali amene akudandaula kuti bwenzi lawo likuwaposa maonekedwe

Achimwene,

Kalata yanu ndaiwerenga mofatsa, ndipo ndikuthokozeni polankhula mosabisa nkhani imene amuna ambiri amangofera nayo mumtima. Mwanena kuti muli ndi zaka 28, ndinu kalipentala ku Chinamwali, ndipo kwa chaka ndi theka mwakhala pa chibwenzi ndi mtsikana wa zaka 25 amene amaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Zomba. Mwati iye ndi chiphadzuwa, pamene inu ndinu wamfupi, wakuda, ndipo kumaso kwanu kudatsala zipsera za ziphuphu za pa unyamata. Mwatinso mukamadutsa naye pa msika waukulu, anyamata a kabaza amakuwa kuti mudamudyetsa chiyani, ndipo mawu amenewo amakusowetsani tulo.

Sindikunamizani kuti anthu sayang'ana nkhope, kapena kuti inu ndi iye mukufanana, chifukwa sindidakuonenipo, ndipo mwina n'zoona kuti pa awirinu iye ndi amene anthu amacheukira. Koma mtsikanayo ali ndi maso, ndipo adakuonani bwinobwino tsiku limene mudamufunsira. Msinkhu wanu ndi womwewo, khungu lanu ndi lomwelo, zipserazo zidalipo kale, komabe adakulolani, ndipo mwa mawu anu omwe adakutengani kukakuonetsani kwa azakhali ake ku Domasi. Kwathu kuno mtsikana satengera mwamuna kwa achibale ake ngati akuchita naye manyazi. Mukamaumirira kuti simukumuyenera, ndiye kuti mukunena kuti iye sadziwa kusankha, kapena kuti ali ndi cholinga china chobisika, ndipotu zonse ziwirizi n'zomunyoza munthu amene, malinga ndi kalata yanu, sadakulakwireni chilichonse.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri si nkhope yanu ayi, koma zimene mantha ayamba kukuchititsani. Mwavomera nokha kuti mumatsegula foni yake iye akatuluka, kuti mudamuletsa kupita ku chinkhoswe cha mnzake chifukwa kukakhala amuna ovala bwino, ndiponso kuti pafupifupi mlungu uliwonse mumamufunsa chimene adakukonderani. Funso limeneli limakoma tsiku loyamba, koma likabwerezedwa kawirikawiri limasanduka mlandu, chifukwa woyankhayo amaona kuti palibe yankho limene likukhulupiriridwa. Munthu amatopa kuweruzidwa pa tchimo limene sadachite. Ngati mtsikanayu adzakusiyeni, n'kutheka kwambiri kuti chidzamuthamangitse ndi nsanje ndi ulonda umenewu, osati mwamuna wina wamtali, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti inu mudzati mumadziwa kale kuti zidzatha choncho, pamene mudzakhala mutazikonza nokha. Foniyo isiyeni kuyambira lero, ndipo pa za chinkhoswe chija mupepese.

Anzanu a ku shedi akuti akuchenjezani ndi mwambi uja wakuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwo ndi wabwino, koma iwo augwiritsa ntchito molakwika, pakuti umatiphunzitsa kuti tisaweruze chinthu poona kunja kokha, ndipo amene akuti mkazi aliyense wokongola ndi wachimasomaso akuchita ndendende chimene mwambiwo ukuletsa. Kukhulupirika kumaoneka m'zochita. Kodi amasunga mawu ake? Kodi amakubisani akakumana ndi aphunzitsi anzake, kapena amakutchulani poyera kuti awa ndi anzanga? Kodi mudamupezapo akunama za kumene anali? Ngati pali chizindikiro chenicheni cha chinyengo, imeneyo ndi nkhani ina yofunika kukambirana pa iyo yokha, ndipo ikadakhala nkhani ngakhale iye akadakhala wosaoneka bwino. M'kalata yanu sindidapezemo chizindikiro chotero. Amuna kumuyang'ana pa msewu ndi khalidwe la amunawo, si lake, ndipo mwina iyenso zimamunyansa kuposa inu.

Pali zinthu ziwiri zimene mwatchula mongodutsa koma ine sindingazilumphe. Choyamba ndi katapila amene mukuganiza zotenga kuti mumugulire foni yodula. Mphatso yochokera pa zimene mwapeza ndi manja anu ndi yabwino, koma ngongole ya chiwongoladzanja chokwera yotengedwa pofuna kulipirira maonekedwe anu idzakudyerani mpamba wa matabwa, ndipo idzakuzoloweretsani kuganiza kuti chikondi chake mukuchita lendi. Chachiwiri ndi mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta amenewa, makamaka ogulitsidwa mwachisawawa, amakhala ndi mankhwala oopsa monga mekyule, amene amatha kuwononga impso, komanso ena amene amapepusa khungu n'kusiya mabala akuda ovuta kuchotsa, ndipo nthawi zina amawonjezera ziphuphu zomwezo. Khungu lakuda si matenda. Ngati ziphuphu zikutulukabe kapena zipsera zikukusautsani, kaonaneni ndi achipatala ku Zomba Central kuti akuuzeni chithandizo choyenera.

Zimene zili m'manja mwanu, zichiteni popanda kudzizunza: kusamba mukaweruka kuti utuchi ndi thukuta zichoke, kumeta bwino, kutsuka m'kamwa, ndi kuvala zoyera zokukwanani ngakhale zikhale za kaunjika. Pamenepo pakwana.

Ndikufunanso muganizire kumene mukupita, poti mwati mukufuna kutumiza amalume anu akaonekere kwawo kwa mtsikanayo chaka chamawa. Ankhoswe akakhala pansi, safunsana za msinkhu wa mkamwini. Amafuna kudziwa kwawo kwa mnyamatayo, ntchito imene amagwira, ngati amamwa mwauchidakwa, ngati ali ndi mkazi wina kapena ana kwina, ndiponso mmene amalankhulira ndi akuluakulu. M'banja momwemo, maonekedwe a onse awiri amasintha ndi uchembere, matenda ndi ukalamba, ndipo nkhope imene munthu amaiona tsiku ndi tsiku amaiona pamodzi ndi khalidwe la mwini wake, kotero kuti ya munthu wachifundo imanka ikoma, pamene ya wankhanza imafika ponyansa ngakhale ikhale yosalala chotani. Inu mwathera masamba awiri kufotokoza kukongola kwake, koma simudandiuze chimene chimamuseketsa, chimene chimamudandaulitsa ku ntchito, kapena maloto ake. Ndikukayika ngati iye angakondwe kumva kuti m'maso mwanu ndi nkhope chabe, pakuti akazi okongola ambiri amadandaula chimenechi, kuti anthu saona china mwa iwo.

Mwandifunsa ngati n'koyenera kumuuza za mantha anuwa. Muuzeni, koma kamodzi kokha ndi momveka, pa malo odekha, kaya ku Botanic Garden Loweruka masana kaya pokwera ku Chawe. Munene kuti mawu a anthu akhala akukupwetekani, kuti mwachita zinthu zosayenera chifukwa cha mantha, ndipo kuti vutolo ndi lanu, mukulimbana nalo. Musamupemphe malumbiro. Chimene angayankhe muchilandire monga choona. Anyamata a kabaza akadzakuwanso, musayankhe mwaukali ndipo musatalikirane naye poyenda, monga mwati mumachitira. Ngati pakatha miyezi ingapo maganizo odziona wachabechabe akupitirirabe mpaka kukulepheretsani kugona, kudya kapena kugwira ntchito, kambiranani ndi mkulu amene mumamukhulupirira ku mpingo kapena ku mzikiti kwanu, kapenanso mlangizi wa za maganizo ku chipatala, ndipo mudzandilemberenso kundiuza mmene zokambirana zanu zayendera.

Ndine mlangizi wanu,
kuno ku Zomba