Kalata yosiyira ntchito: Masamu, Sitandade 5 mpaka 8

Mayi Phiri,

Ndikupita kusukulu ina tisanaonane, choncho ndalemba pano zomwe ndikanakuuzani pakamwa. Masikimu, marejisitala ndi kope la malikisi zili mu kabati ya mu ofesi, kiyi ali ndi ahedi.

Sitandade 5 ili ndi ana 94. Mukaona malikisi awo musathamangire kunena kuti sadziwa masamu. Chaka chino ndi choyamba kuphunzira m'Chingerezi, ndipo ambiri amalephera funso chifukwa sanalimve. Samu yomweyo mukaifotokoza m'Chichewa, pogwiritsa ntchito zitsekero za mabotolo zomwe zili m'thumba kuseri kwa chitseko, amaipeza. Kuphatikiza ndi kuchotsera ali bwino, koma mathebulo a 7 ndi 8 akuvutabe. M'kalasi muno muli Chisomo, mwana wachialubino. Azikhala kutsogolo, mbali yopanda zenera, ndipo pabolodi muzilemba zilembo zikuluzikulu. Chipewa asavule panja, ngakhale pa asembule. Poweruka amapita ndi mchemwali wake wa Sitandade 7. Asachoke yekha, chonde.

Sitandade 6 sidzakuvutani. Tamaliza mafulakishoni, muyambire pa madesimo. Lachinayi ndi tsiku la msika, anyamata amachepa, ndiye mutu watsopano musauyambe tsikulo.

Sitandade 7 ndi yomwe ndikuisiya mtima uli m'mwamba. Kugawa kwa nambala zazitali sikunakhazikike, ndipo maperesenti ndinawathamangira, cholakwa ndi changa. Bwerezani musanapitirire. Yamikani samva bwino khutu lakumanzere. Muziyankhula mutamuyang'ana, osati mukulemba pabolodi. Ambiri amamuyesa wamwano, koma sichoncho. Tadala amadwala khunyu. Akagwa, chotsani mabenchi pafupi, akasiya kuphupha mumugoneke chammbali, musamuike kanthu m'kamwa. Anzake ena amathawa poganiza kuti matendawa ndi opatsirana. Ndawauza kangapo kuti ayi, inunso mubwereze. Agogo ake amakhala kuseri kwa chigayo, ndipo amabwera msanga mukawatumira mwana.

Sitandade 8, ana 61, silabasi tatsala pang'ono kumaliza. Chatsala ndi magirafu ndi kubwereza mapepala akale a MANEB. Pa mayeso oyeserera ambiri anataya malikisi pa masamu a phindu ndi kuluza, komanso kusintha mamita kukhala makilomita. Nthawi nayonso imawathera, choncho muziwapatsa ntchito mukuyang'ana wotchi. Mphatso wabwerera kusukulu atabereka, anabwera naye ndi a gulu la amayi. Mutu uli bwino kwambiri, koma amachedwa m'mawa chifukwa cha mwana. Ine sindimamupatsa chibalo, ndipo ahedi akudziwa.

Mabuku a Sitandade 7 alipo 23 okha, muziwawerenga akamabweza. Nambala yanga ili ndi ahedi, muziimba madzulo.

Ndine mnzanu pa ntchito,
E. Banda