Kudifarenshiyeti ndi kupeza ma tening'i poyinti

Iwe Mabvuto, funso lija wanditumizira lakuti likukuzunguza mutu ndi losavuta, tenga pensulo tiyendere limodzi, usangowerenga chabe ngati nyuzi.

y = x³ − 3x² − 9x + 5

Akufuna dy/dx, kenako ma tening'i poyinti ndi mtundu wake. Lamulo la pawa ndi limodzi basi, pawa itsike ichulukitse nambala ili kutsogolo, ndiye pa pawayo uchotsepo 1. Kulemba kwake, axⁿ imakhala anxⁿ⁻¹. Manje tenga chidutswa chimodzi chimodzi. x³ ikhala 3x². −3x² ikhala −6x chifukwa 2 watsika wachulukitsa −3. −9x ikhala −9 chabe, paja x payekha ali ndi pawa 1, ukachotsa 1 patsala x⁰ amene ndi 1. Uja 5 alibe x ndiye wafa, ndi ziro, usamumvere chisoni.

dy/dx = 3x² − 6x − 9

Koma dy/dx ndi chani kwenikweni, chifukwa ambiri mumangoloweza. Ndi giradiyenti, kutsetsereka kwa kevu pamalo aliwonse. Ganiza wanjinga akukwera chitunda atanyamula matumba a makala, pokwera giradiyenti ndi pozitivu, potsika ndi negetivu, koma pamwamba penipeni pomwe wasiya kukwera sanayambenso kutsika, njinga ili fulati, giradiyenti ndi ziro. M'chigwa pansi chimodzimodzi, malo otembenukira amenewa ndiwo ma tening'i poyinti. Ndiye chifukwa chake timalemba dy/dx = 0, ndipo mzere umenewu uziulemba ndithu papepala, wochonga aone kuti ukudziwa chomwe ukuchita.

3x² − 6x − 9 = 0
x² − 2x − 3 = 0
(x − 3)(x + 1) = 0

Ndagawa zonse ndi 3 kuti manambala achepe, kenako kufakitoraiza. Ndiye x = 3 kapena x = −1.

Apa ndi pomwe anzako ambiri amaimira nkumaganiza kuti amaliza, ayi, poyinti imafuna x ndi y yemwe. Ndipo y umamutenga mu ikweshoni yoyamba ija, osati mu dy/dx, ukaika mu dy/dx upeza ziro kawiri konse nkuyamba kudabwa.

Pa x = 3: y = 27 − 27 − 27 + 5 = −22

Pa x = −1 chenjera, ika mabulaketi olo uli pachangu bwanji. (−1)³ ndi −1. (−1)² ndi +1, ndiye −3(−1)² ndi −3, osati +3. −9(−1) ndi +9. Kakyuleta nayo imakunamiza ukalemba −1² popanda mabulaketi, ikupatsa −1, siyolakwa iyoyo, yachita zomwe waiuza.

y = −1 − 3 + 9 + 5 = 10

Mapoyinti athu ndi (−1, 10) ndi (3, −22).

Tsopano mtundu wake, uti ndi makisimamu uti ndi minimamu. Difarenshiyetanso kachiwiri ndi lamulo lomwe lija.

d²y/dx² = 6x − 6

Pa x = −1 tipeza −12, negetivu, ndiye (−1, 10) ndi makisimamu. Pa x = 3 tipeza 12, pozitivu, ndiye (3, −22) ndi minimamu. Ndikudziwa zikumveka chadodolido, negetivu nkukhala pamwamba, koma taona, d²y/dx² ikutiuza mmene giradiyenti ikusinthira. Pamwamba giradiyenti imachoka ku pozitivu, kufika ziro, kupita ku negetivu, ikucheperachepera, ndiye negetivuyo. Ukafuna kutsimikiza yesa manambala a mbali ndi mbali mu dy/dx, pa x = −2 upeza 15, pa x = 0 upeza −9, kukwera kenako kutsika, makisimamu shuwa.

Njira ya mbali ndi mbali imeneyi usaitaye, ndi yomwe imakupulumutsa d²y/dx² ikatuluka ziro, chifukwa ziroyo sakuuza kalikonse. y = x⁴ pa x = 0 ndi minimamu, y = x³ pa x = 0 imangogona fulati pang'ono nkupitiriza kukwera osatembenuka, koma zonse ziwiri zimapereka ziro.

China, makisimamu sikutanthauza kuti kevu yonse siipitirira 10, ika x = 6 uone, y ndi 59. Ndi pamwamba pa dera lomwelo chabe.

Mu mayeso a giredi 12 a ECZ, bungwe la mayeso la ku Zambia, uzionetsa sitepe iliyonse, ansa yokhayokha yopanda njira imakudyera malikisi. Manje panga ili wekha, y = 2x³ − 9x² + 12x + 1, ujambule pepala lonse unditumizire usanagone, ndipo usakopere kwa Tisa, ndidzadziwa.