Za zotsatira za mayi woyembekezera wa ku sikelo uja

Achimwene,

Ndaona pepala la ku labu lomwe mwanditumizira. Chonde musamuyambitse kabimazo mayiyu. Chithokomiro chake chilibe vuto.

Ali ndi pakati pa masabata 18. T4 yonse yafika 190 nmol/L, zomwe kwa munthu wosayembekezera n'zokwera ndithu. Koma T4 yosamangika ili pa 13 pmol/L, TSH ili pa 1.4 mU/L, ndipo mwanena kuti sakunjenjemera komanso sakuwonda.

Homoni ya chithokomiro siyenda yokha m'magazi. Pafupifupi yonse imanyamulidwa ndi mapuloteni atatu opangidwa m'chiwindi. Mwa atatuwa, TBG ndi yochepa m'magazi koma imagwira mwamphamvu, moti imanyamula pafupifupi 70 peresenti ya T4. Yotsalayo amagawana tiransithayiretini ndi alubumini. Imene imayandama yosamangika ndi 0.03 peresenti yokha ya T4 ndi 0.3 peresenti ya T3, ndipo kachepeka komweko ndi kamene kamalowa m'maselo n'kugwira ntchito. Inayo ili ngati chimanga cha m'nkhokwe: chilipo, koma sichili mumphika.

Esitirojeni, yomwe imachuluka mayi akaima, imachititsa chiwindi kumata asidi wa siyaliki wambiri pa TBG. TBG yotereyi chiwindi chimachedwa kuichotsa m'magazi, ndiye imaunjikana, mpaka pofika masabata 20 imakhala itawirikiza kawiri kapena kuposerapo. Malo ogwirira homoni akachuluka chonchi, T4 yosamangika imatsikako kaye. Pituwitale imamva msanga, chifukwa iyo imangowerengera yosamangika basi. Imawonjezera TSH, chithokomiro n'kupanga homoni yambiri kufikira malo atsopanowo atadzaza. Pamenepo yosamangika imabwerera pomwe inali, TSH n'kukhazikika, koma T4 yonse imatsala pamwamba, kawirikawiri ndi theka kuposa kale. N'zimene mukuona papepalalo.

Zomwezi mudzaziona kwa amayi omwa mapiritsi a kulera okhala ndi esitirojeni. Kwa odwala impso amene amataya mapuloteni mumkodzo, kapena omwa mahomoni achimuna, TBG imatsika ndipo T4 yonse imaoneka yochepa chonsecho nthawi zambiri chithokomiro chili bwinobwino.

Amene muyenera kusamala naye ndi mayi womwa levothayirokisini. Chithokomiro chake sichingawonjezere homoni mokwanira ngakhale TSH itakwera bwanji, choncho TBG ikachuluka T4 yosamangika imatsika osabwereranso. Ameneyo amafunika kumuwonjezera mankhwala akangodziwa kuti waima, nthawi zambiri ndi 25 mpaka 30 peresenti, n'kumamuyeza TSH pa masabata anayi aliwonse.

Mayi wathuyu mumuuze kuti magazi ake ali bwino, azidya mchere wa ayodini, apitirize sikelo. Ulendo wina polemba pepala la ku labu la mayi woyembekezera, pemphani TSH ndi T4 yosamangika, ndipo mulembepo masabata a mimba.

Ndine mnzanu pantchito,
wa ku wodi ya amayi