Pempho la ndalama zotsalira pa malipiro nditakwezedwa pantchito

9 Sepitembala 2024

Kwa: Mkulu wa Maphunziro m'boma lino
Kudzera kwa: Mphunzitsi wamkulu, ndi Mlangizi wa maphunziro m'zoni yathu

Okondedwa Bwana,

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 6, ndipo ndikulemba kupempha kuti mundithandize kulandira ndalama zanga za miyezi 10 zomwe zinatsalira nditakwezedwa kuchoka pa giredi TL kupita pa TK.

Kalata yondikweza imati udindo watsopanowu unayamba pa 1 Julaye 2023, ngakhale inandipeza mu Okotobala. Inandiuzanso kuti ndikayambe ntchito pasukulu ina, ndipo sindinawiringule. Galimoto yonyamula katundu ndinalipira ndekha, ndi ndalama yokongola ku banki mkhonde. Koma malipiro anapitirira kubwera a TL mpaka Epulo 2024. Anasintha mu Meyi, popanda ngakhale tambala ya miyezi yam'mbuyo.

Nditabwera ku ofesi kwanu mu Juni, a kumalipiro anandiuza kuti fayilo yanga ilibe kalata yotsimikiza tsiku lomwe ndinafika pasukulu yatsopano. Aphunzitsi aakulu anailemba, anadindapo chidindo, ndipo ndinaisiya ndekha m'manja mwa kalaliki, yemwe analemba dzina langa m'kaundula wachikuto chofiira. Nditafunsanso mu Ogasiti, yankho linali lakuti "zili m'kati". Ulendo uliwonse wobwera ku boma ndimalipira kabaza ndi minibasi, komanso ndimasiyira mnzanga ana oposa 90 kuwonjezera pa ake.

Bwana, si kuti ndikuloza munthu chala. Nkhawa yanga ndi yakuti ndalamayi ikutha mphamvu ili chikhalire m'mabuku. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe ndalama yotsalirayi inali itayamba kale kuunjikana, ndipo zomwe ndikanagula nayo nthawi imeneyo lero sindingazikwanitse. Mwana wanga akulowa Fomu 3 teremu ikubwerayi, feteleza nayenso afunika mvula isanagwe.

Mwa kuwerengera kwanga, zotsalirazi ndi pafupifupi K380,000 msonkho usanachotsedwe, koma akatswiri anu ndiwo angatsimikize. Ndikupempha kuti mundiyankhe polemba, kundiuza pomwe fayilo yanga yafika ndi mwezi womwe ndingayembekezere ndalamazi. Ngati pali pepala lina losowa, mundiuze zonse pakamodzi kudzera kwa a mlangizi, omwe amabwera kwanu kawirikawiri, kuti ndisamasiye kalasi.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza makope a kalata yondikweza, kalata ya aphunzitsi aakulu, ndi mapeyisilipi a Juni 2023, Epulo 2024 ndi Meyi 2024. Nambala yanga ya ntchito ili pa mapeyisilipiwo.

Ine wanu mokhulupirika,

Mayi E. Nkhoma
Mphunzitsi, giredi TK