Kalata kwa a Tembo, Amisiri a Matabwa ku Kapata: Za Wodilopu Yathu

A Tembo,

Zimene tinakambirana ku shedi kwanu ndati ndizilembe, kuti pogula matabwa musadalire kukumbukira. Mapepala awiri a zojambula ali ndi mnyamata wakupatsani kalatayi.

Wodilopu yonse ikhale masentimita 180 m'lifupi, 210 kutalika, ndi 60 kuchoka kutsogolo kufika kukhoma. Pa 60 pamenepo chonde musachotsepo kanthu, chifukwa jekete ikakhala pa hang'ala mapewa ake amakhula chitseko malo akachepa.

Chachikulu ndi ichi: musaikhome yathunthu. Khomo la kuchipinda ndi 80 m'lifupi, 200 kutalika, ndipo kakhonde ka m'nyumba n'kopanikiza, moti bedi tinalowetsa chomasula. Pangani zigawo zitatu za 60 chilichonse, phazi la masentimita 10 likhale lapadera, mudzazimange ndi masikuluwu konkuno ku Kalongwezi. Pansi simenti inatsetsereka pang'ono chakuzenera, ndiye mudzabwere ndi levulo ndi timatabwa toikira.

Pa pepala loyamba muona kutsogolo kwake. Chigawo cha kumanzere n'cha amayi a kunyumba: chitsulo chokolekapo madiresi chikhale 160 kuchoka pansi pa chigawocho, pamwamba pake shelefu ya mabulangete. Chapakati chikhale ndi madilowa atatu a masentimita 20, la pamwamba lokhala ndi loko, kenako mashelefu a zitenje. Changa cha kumanja, zitsulo ziwiri, china pamwamba pa chinzake, za malaya ndi mathalauzi. Pepala lachiwiri ndi la m'mbali. Ndajambula ndi manja, choncho tsatani manambala, osati mizere.

Mafelemu ndi zitseko zikhale za mukwa wouma, wa mtima wofiirira uja. Woyera wa m'mphepete ayi, umadyedwa ndi tizilombo, ndipo thabwa laliwisi likamauma chitseko chimapindika n'kuyamba kukana kutsekeka. Mukapeza matabwa ndiimbireni, ndidzawaone musanapale. M'mbali ndi mashelefu muike bulokubodi ya mamilimita 18, kumbuyo pulayi ya 6. Chipibodi musaike ngakhale pobisika, imafufuma ikangomva madzi okolopera. Mahinji atatu pa chitseko chilichonse, galasi lalitali mkati mwa chitseko cha kumanzere, vanishi woonekera bwino mupake katatu. Zogwirira agula okha amayi, akuti za ine sizioneka bwino.

Mtengo ndi uja tinagwirizana, K9,500 pamodzi ndi transipoti. K5,500 ndatumiza kale pa foni, K4,000 yotsala ndidzapereka mukamaliza kumanga. Ngati china chasowa kapena chakwera mtengo, tiyambe talankhulana musanasinthe.

Ifike pasanadutse pa 20 Okutobala, chifukwa mvula ikayamba kamsewu kathu galimoto sifika pakhomo.

Ine wanu,
Bambo Mwanza