Mayeso achidule a Fomu 3: bayinale, okitalo ndi hekisadesimo

Kalabu ya kompyuta, Mchinji boma. Nthawi: mphindi 40. Malikisi onse: 30.

Ophunzira nonse, mayesowa ndi olemba papepala, choncho magetsi azime asazime tilemba ndithu. Kakuleta ndi foni zikhale m'chikwama. Kanambala kakang'ono kamene kali m'munsi mwa nambala kakakukuuzani mtundu wake: ₂ ndi bayinale, ₈ ndi okitalo, ₁₀ ndi desimo yathu yamasiku onse, ₁₆ ndi hekisadesimo. Kuyambira funso 4 onetsani njira yonse. Yankho lokhoza lopanda njira lilandira theka la malikisi, chifukwa ndikufuna kuona pamene phazi lanu likuterereka. Mayankho ali kumapeto, musawasuzumire musanamalize.

Gawo loyamba

1. Ndi iti mwa izi imene singakhale nambala ya okitalo? (i) 170 (ii) 708 (iii) 777 (iv) 101. Malikisi: 1.

2. D₁₆ ndi zingati mu desimo? (i) 4 (ii) 12 (iii) 13 (iv) 14. Malikisi: 1.

3. Phatikizani 10₂, 10₈ ndi 10₁₆, ndipo yankho mulembe mu desimo. Malikisi: 2.

Gawo lachiwiri

4. Wogula mtedza pa Kamwendo ali ndi miyala ya sikelo isanu ndi umodzi: ya makilogalamu 32, 16, 8, 4, 2 ndi 1. Akuyeza thumba la makilogalamu 50. Lembani 1 pa mwala umene auyike pasikelo ndi 0 pa umene ausiye, kuyambira waukulu. Nambala mwapezayo isintheni kukhala okitalo, kenako hekisadesimo. Malikisi: 4.

5. Sinthani 1011010₂ kukhala okitalo komanso hekisadesimo. Malikisi: 4.

6. Sinthani 407₈ kukhala bayinale. Malikisi: 2.

7. Sinthani 3F2₁₆ kukhala okitalo popanda kudzera ku desimo. Malikisi: 4.

8. Woimba foni ku Malawi ali kunja amayamba ndi 265. Lembani 265₁₀ mu bayinale ndi hekisadesimo. Kodi ingakwane mu baiti imodzi? Perekani chifukwa. Malikisi: 4.

9. Wophunzira wina analemba kuti: "A ndi 1010, 2 ndi 10, choncho A2₁₆ = 101010₂." Walakwitsa pati? Konzani, ndipo mutsimikize pogwiritsa ntchito desimo. Malikisi: 4.

10. Pa kompyuta ya Linux munthu walemba lamulo ili:

```
chmod 754 malipoti
```

Dijiti iliyonse ndi ya okitalo. Yoyamba ndi ya mwini fayilo, yachiwiri ya gulu lake, yachitatu ya ena onse. Pa mabiti atatu a dijiti iliyonse, yoyamba imalola kuwerenga, yachiwiri kulemba, yachitatu kuyendetsa fayiloyo. Lembani 754₈ mu bayinale ndipo munene zimene gulu likuloledwa kuchita, ndi zimene ena onse akuloledwa. Malikisi: 4.

Funso lapadera kwa amene mwatsiriza msanga, lopanda malikisi: chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira, 1964, chilembeni mu hekisadesimo ndi okitalo.

Mayankho ndi njira zake

Funso 1 ndi (ii). Okitalo ili ndi madijiti kuyambira 0 mpaka 7 basi, 8 mulibe. Amene mwasankha 101 poiona ngati bayinale, kumbukirani kuti 0 ndi 1 alimonso mu okitalo. Funso 2 ndi (iii): A ndi 10, B ndi 11, C ndi 12, D ndi 13. Funso 3 ndi 2 + 8 + 16 = 26.

Pa funso 4, miyala yokwera pasikelo ndi ya 32, 16 ndi 2, ndiye nambala yake ndi 110010₂. Mukaidula mitatumitatu, 110 010, mupeza 62₈. Mukaidula inayiinayi, 0011 0010, mupeza 32₁₆. Ndikudziwa kuti ena mwafufuta yankho lokhoza poona 32, poganiza kuti mwangokopera mwala waukulu uja. Ayi, 3 × 16 + 2 = 50. N'chifukwa chake ndimakuuzani kuti poitchula muziti "firii-thuu", osati ngati nambala ya desimo.

Funso 5 ndilo limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa temu yatha linagwetsa ambiri. Kudula kumayambira kumanja. Dijiti imodzi ya okitalo imanyamula mabiti atatu popeza 2³ = 8, ndipo ya hekisadesimo imanyamula anayi popeza 2⁴ = 16. Ngati gulu lomaliza la kumanzere laperewera, mulidzaze ndi maziro kutsogolo kwake.

```
001 011 010  =  132 (okitalo)
0101 1010    =  5A  (hekisadesimo)
```

Dzanja lathu linazolowera kulemba kuchokera kumanzere, ndiye limathamangira kudula 101 101 0 n'kupeza 550₈. Imeneyo ndi 360 mu desimo, pamene nambala yathu ndi 64 + 16 + 8 + 2 = 90. Ganizirani ndalama. Mukalemba ziro kutsogolo kwa K500, ikadali K500 yomweyo. Koma mukasuntha madijiti pamalo pake, mwasintha mtengo. Kudula kuchokera kumanzere kumasuntha mabiti kuchoka m'nyumba zawo.

Funso 6: 4 ndi 100, 0 ndi 000, 7 ndi 111, choncho 100000111₂. Ziro wapakatiyo ali ndi malo ake atatu, osati amodzi. Wolemba 1000111 wabweretsa 71 m'malo mwa 263.

Pa funso 7 bayinale ndiye mlatho. Dijiti iliyonse muimasule kukhala mabiti anayi, muwalumikize onse, kenako mudulenso mitatumitatu kuchokera kumanja.

```
3    F    2
0011 1111 0010
001 111 110 010  =  1762
```

Yankho ndi 1762₈. Amene mwadzera ku desimo mwapeza 1010₁₀ panjira ndipo mwina mwafika, koma ndakudulani malikisi awiri. Sindikuchitira nkhanza. Njira imeneyo imafuna kuchulukitsa kenako kugawa ndi 8 kangapo, ndipo pa mayeso a nthawi yochepa m'pamene zotsala zimasokonekera. Mlatho wa bayinale sufuna kugawa kulikonse. Umangofuna kuti mudziwe pamtima mabiti a 0 mpaka 15.

Funso 8: 265 = 256 + 8 + 1, ndiye 100001001₂. Kudula inayiinayi, 0001 0000 1001, kukupereka 109₁₆. Singakwane mu baiti imodzi. Baiti ili ndi mabiti 8, ndipo yaikulu kwambiri imene ingasunge ndi 11111111₂, imene ndi FF₁₆ kapena 255. Nambala yathu ikufuna mabiti 9.

Funso 9: mnzathuyu wataya maziro awiri a 2. Anayenera kulemba 0010, kuti yankho likhale 10100010₂. Potsimikiza, 10 × 16 + 2 = 162, ndipo 128 + 32 + 2 = 162. Yake ija ndi 42, yomwe ndi 2A₁₆, nambala ina ndithu. Maziro otayidwa popanda vuto ndi okhawo a kumayambiriro kwa nambala yonse, mutatha kale kulumikiza.

Funso 10: 111 101 100. Gulu lili ndi 101, kutanthauza kuwerenga ndi kuyendetsa, koma osati kulemba. Ena onse ali ndi 100, kuwerenga kokha. Ndinaika funso limeneli chifukwa mmodzi wa inu anandifunsa ngati okitalo ikugwirabe ntchito penapake kunja kwa kalasi. Mukadzalemba `ls -l` pa kompyuta yotere, mudzaona `rwxr-xr--`, mabiti omwewa atavala zilembo.

Funso lapadera: 1964 kugawa ndi 16 ndi 122 kutsala 12, 122 kugawa ndi 16 ndi 7 kutsala 10. Zotsala timawerenga kuchokera pansi kukwera: 7, 10, 12, ndiye 7AC₁₆. Pamlatho paja, 011 110 101 100 ndi 3654₈.

Amene mwalakwa funso 5, 6 kapena 9, tikumane Lachinayi tikaweruka. Mubwere ndi pepala lanu lomweli, musalikonze kunyumba, ndi zitsekerero za mabotolo khumi ndi ziwiri zoti tidzaziyale pa desiki ngati mabiti.