Mfundo za Msonkhano wa Komiti ya Makolo ndi Aphunzitsi, Loweruka pa 14 Juni 2025

Msonkhano unayamba 9 koloko m'mawa m'chipinda cha aphunzitsi.

Opezeka m'chipinda (5): wapampando, mlembi, mphunzitsi wamkulu, woimira aphunzitsi, woimira makolo a makalasi aang'ono.
Olowa pa foni (3): wachiwiri kwa wapampando, msungichuma, woimira makolo a makalasi akuluakulu.
Opepesa (1): woimira mamembala oitanidwa.

1. Chiwerengero

Malamulo a komiti amafuna mamembala 6 kuti chigamulo chigwire ntchito, ndipo m'chipinda munali 5 okha. Wapampando anawerenga ndime yolola membala kutenga nawo mbali pa foni bola azimva ndi kumvedwa ndi onse. Foni ya mlembi inaikidwa pakati pa tebulo, sipika ili yotsegula, ndipo atatuwo anatchula mayina awo mmodzimmodzi. Onse anakhala 8.

2. Mfundo za msonkhano wapita

Zinavomerezedwa popanda kusintha.

3. Denga kapena madesiki

Mphunzitsi wamkulu anapempha kuti ndalama zachitukuko ziyambe zakonza denga lodontha, madesiki adikire. Msungichuma anatsutsa, nati ana okhala pansi akuvutika lero, pomwe mvula ili kutali.

Kavotedwe: a m'chipinda anakweza manja, mlembi nkulengeza mokweza kuti a pa foni amve: ovomera 3, okana 2. Kenako mlembi anaitana a pa foni mmodzimmodzi, aliyense nkunena voti yake, mlembi nkuibwereza asanailembe. Wachiwiri kwa wapampando anavomera. Msungichuma anakana.

Nthawi ya woimira makolo a makalasi akuluakulu itakwana, foni yawo inaduka. Patapita kanthawi anatumiza meseji yakuti "Eya". Wapampando anakana kuiwerengera, poti panalibe umboni kuti anamva pempholo mpaka kumapeto. Voti inaimitsidwa, mlembi anawaimbiranso, pempho linawerengedwanso lonse, ndipo iwo anavomera ndi pakamwa onse akumva.

Zotsatira: ovomera 5, okana 3. Pempho linadutsa.

4. Kusankha wosainira wachitatu ku banki

Malamulo amati chisankho cha munthu chikhale chachinsinsi, zomwe sizikanatheka pa sipika. Komiti inagwirizana kuti a pa foni atumize meseji kwa mlembi yekha, iye alembe voti iliyonse pa kapepala kofanana ndi ena, apinde, aponye m'bokosi, kenako afufute mesejiyo. Atatuwo anauzidwa poyera kuti mlembi adziwa amene asankha, ndipo aliyense anavomera payekha.

Mapepala anapezeka 8. Woimira aphunzitsi anapeza mavoti 5, woimira makolo a makalasi aang'ono 3. Woimira aphunzitsi anasankhidwa.

5. Zina ndi zina

Msungichuma anadandaula kuti a m'chipinda akalankhulira limodzi, pa foni pamangomveka phokoso. Zinagwirizanidwa kuti aliyense aziyamba watchula udindo wake, ndipo wapampando azifunsa a pa foni asanatseke mutu uliwonse.

Msonkhano unatha 11 koloko. Wotsatira udzakhala pa 12 Julayi 2025, ndipo atatu a pa foni adzasainira mavoti awo m'buku tsiku limenelo.

Zalembedwa ndi mlembi wa komiti.